Chithunzi chaonetsa chilonda, nanga kachidutswa ka mnofu n'kachiyani?

Wodwala amene adokotala amutumiza ku endosikopi amauzidwa kuti asadye kwa maola osachepera 6. Akafika amasaina fomu yovomereza, ndipo fomuyo nthawi zambiri imaloleza zinthu ziwiri: kuunika m'mimba ndi kudula tizidutswa ta mnofu kuti tikapimidwe. Ambiri amangomva choyambacho. Kenaka amamupopera mankhwala ochititsa dzanzi kukhosi, n'kumumezetsa kapaipi kofewa, konenepa ngati chala, kokhala ndi nyali ndi kamera kumapeto. Pakangotha mphindi 10 kapena 15 ntchito yatha, ndipo amatuluka ndi lipoti, mwinanso zithunzi.

Tiyerekeze bambo wa zaka 55 amene wakhala akumva kuwotcha pachifuwa, wawonda, ndipo amamwa dikilofenaki chifukwa cha msana. Mnofu wa chifu chabwino umaoneka wofiirira pang'ono, wosalala, wonyezimira. Pa chithunzi cha bamboyu pali kadzenje kotalika masentimita 2, koyera pakati, kofiira m'mbali. Chilonda choyambitsidwa ndi mankhwala opha ululu chimakonda kukhala chozungulira bwino, m'mbali mwake mosalala. Cha khansa chimakhala ndi milomo yotukuka, yokumbikakumbika, yosachedwa kuchucha magazi. Vuto ndi lakuti khansa ina imavala nkhope ya chilonda wamba, moti imatha kuoneka ngati ikupola munthu akamamwa omepurazo. Diso, ngakhale la katswiri, silingalumbire.

N'chifukwa chake pamabwera bayopusi. Dokotala amalowetsa kopanira kakang'ono m'kati mwa paipi momwemo n'kutsina tizidutswa 6 kapena 8, kalikonse ka mamilimita 2 kapena 3. Amatsina m'mbali mwa chilonda, chifukwa pakati pamakhala mnofu wakufa wosauza kanthu. Sizipweteka, popeza khungu la m'kati mwa chifu silimva kudulidwa monga la pamkono. Amatenganso tina pamalo ooneka abwinobwino kuti afufuze kachilombo kolembedwa H. pylori pa lipoti, kamene Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Australia anaonetsa kuti kamayambitsa zilonda zambiri, nalandira mphoto ya Nobel mu 2005. Kachilomboka kamabisala ngati munthu wamwa omepurazo m'milungu 2 yapitayi kapena maantibayotiki m'milungu 4, choncho nenani zonse zimene mukumwa. Nenaninso za wafarini ndi mankhwala ena osungunula magazi.

Chilonda chikapezeka koyambirira kwa matumbo aang'ono, kungotuluka m'chifu, kawirikawiri sachitsina, chifukwa khansa pamenepo ndi yosowa.

M'matumbo aakulu, mmene kamera imalowera kumbuyo munthu atatsuka m'mimba ndi mankhwala, nkhani yaikulu ndi mapolipu, tizotupa tomera pakhungu la m'kati, tina tokhala ndi kakhosi ngati bowa. Tambiri si khansa. Koma mtundu wotchedwa adenoma ungasanduke khansa pang'onopang'ono, mwina pa zaka 10, ndiye amakola polipu yonse ndi kawaya n'kuitumiza kukapimidwa. Kuno kwathu palinso zina zosokoneza maso: mazira a likodzo amatha kumeretsa mapolipu, ndipo chifuwa chachikulu cha m'matumbo chimafanana kwambiri ndi nthenda yotupitsa matumbo ya Crohn. Kusokoneza ziwirizi n'koopsa, chifukwa mankhwala ofooketsa chitetezo amene amathandiza wa Crohn amakolezera chifuwa chachikulu.

Tizidutswato amatiika m'kabotolo ka fomalini kolembedwa dzina la wodwala ndi malo amene tachokera, n'kutitumiza ku labotale. Kumeneko amatiumitsa m'phula, n'kutisenga mopyapyala kwambiri, kutipaka utoto, ndipo dokotala wopima minofu amatiyang'ana pa maikulosikopu. Madokotala amenewa ndi ochepa m'Malawi, choncho zotsatira zimatha kutenga milungu ingapo. Apa ndi pamene anthu ambiri amasochera: ululu ukaleka, sabweranso, ndipo pepala lonena za khansa yoyamba kumene limangokhala m'faelo. Musanachoke, funsani tsiku lobwerera, chipinda chokatengako zotsatira, ndipo onetsetsani kuti m'kabuku kanu ka kuchipatala alembamo kuti anatenga bayopusi. Mukafika kunyumba n'kuyamba kusanza magazi, kuchita chimbudzi chakuda ngati phula la pamsewu kapena kumva kupweteka kwambiri m'mimba, bwererani tsiku lomwelo.

Za bambo uja, tinene kuti zotsatira zati khansa palibe koma H. pylori alipo. Alandira maantibayotiki awiri pamodzi ndi omepurazo kwa masiku 14, asiye dikilofenaki, n'kupitiriza omepurazo. Komabe amuitananso pakatha milungu 8 mpaka 12 kuti aone ngati chilonda chatsekeka. Kopanira kaja kamatsina malo ochepa, ndipo khansa ingakhale pambali pomwe sikanafike. Chilonda chikapezeka chikadalipo, amatsinanso.