Mphindi 45 si 0.45 powerengera malipiro a waganyu

Wamalonda wa pa Nathenje amene amalipira waganyu potengera maola ayenera kusamala ndi kakyuleta. Ola lili ndi mphindi 60, pomwe manambala a pambuyo pa kadontho amagawa chinthu m'magawo 100. Apa ndi pomwe ndalama imasowera.

Mwachitsanzo, mnyamata wopakira matumba a chimanga wayamba ntchito 7:00 m'mawa n'kuweruka 1:45 masana, ndipo adagwirizana K800 pa ola. Wagwira maola 6 ndi mphindi 45. Bwana akalemba 6.45 × 800, apeza K5,160. Koma mphindizo zimayenera kugawidwa kaye ndi 60, ndipo 45 ÷ 60 ndi 0.75. Choncho maola ndi 6.75, malipiro ake K5,400. Mnyamatayo akadaluza K240 tsiku limenelo, ndipo zikamachitika masiku 26, ndi K6,240.

Zosavuta kuloweza ndi zitatu: mphindi 15 ndi 0.25, mphindi 30 ndi 0.5, mphindi 45 ndi 0.75.

Mphindi 20 zimavutirapo chifukwa yankho lake, 0.333, silitha. Pamenepa ndi bwino kusandutsa nthawi yonse kukhala mphindi. Maola 6 ndi mphindi 20 ndi mphindi 380, ndipo 380 × 800 ÷ 60 ndi pafupifupi K5,067.

Wokayika ayese ndi theka la ola. Pa K800 liyenera kutulutsa K400. Ikatuluka K240, ndiye kuti mphindi sizidagawidwe ndi 60.