Malo a Pakhomo Apite kwa Yani?

Chionetsero cha zamalonda chikayandikira pabwalo la Chichiri ku Blantyre, aliyense amafuna malo oyandikira chipata, chifukwa anthu amalowa ndalama zili m'thumba, miyendo isanatope. Kumapeto kwa mzere kumafika ochepa.

N'chifukwa chake mtengo suyenera kufanana. Tiyerekeze kuti malo a mamita 3 m'litali ndi 3 m'lifupi akulipitsidwa K200,000 pakati pa bwalo. A pakhomo angakhale K300,000, akumapeto K150,000. Wogulitsa afunsiretu ngati magetsi ndi mlonda zili mumtengomo, poti zimenezi zimakonda kutulukira pambuyo.

Nanga anthu 12 akafuna malo 4 a pakhomo? Njira yakuti woyamba kufika atenge imakondera okhala mumzinda ndi odziwana ndi alembi. Wopanga uchi ku Ntchisi amamva mochedwa. Maere ndiye abwinoko. Okonza chionetsero alengeze tsiku lotsekera kalembera, olipira theka la mtengo alowe m'maere, manambala atoledwe onse akuona. Amene sanapate malowo asankhe ena motsatira nambala zawo, kapena abwezeredwe ndalama.

Koma ophika zakudya apatsidwe chigawo chawochawo, kufupi ndi madzi, utsi usalowe m'nsalu za anzawo.