Munthu akangoti "eya" pa chilichonse, kafukufuku wayeza chiyani?

M'zaka za m'ma 1970, ofufuza awiri a ku America, Howard Schuman ndi Stanley Presser, adagawa anthu m'magulu awiri mwachisawawa. Gulu lina adaliwerengera chiganizo chonena kuti umbanda umadza makamaka chifukwa cha anthu eniakewo osati mavuto a m'dziko, ndipo oposa theka adavomereza. Gulu linalo adaliwerengera chiganizo chomwecho atachitembenuza, kuti gwero lalikulu ndi mavuto a m'dziko osati anthuwo. Nakonso oposa theka adavomereza. Magulu ofanana sangakhale ndi maganizo otsutsana chonchi. Chidachitika n'chakuti ena mwa oyankhawo ankangovomera chilichonse chimene amva, ngati mpingo woyankha "ameni".

Chizolowezi chongovomerachi chimavutitsa kwambiri mtundu wa mafunso umene Rensis Likert adautchukitsa mu 1932. Ambiri tidakumana nawo: wofunsa amawerenga chiganizo, inu n'kusankha pakati pa "ndikutsutsa kwambiri", "ndikutsutsa", "ndili pakatikati", "ndikuvomereza" ndi "ndikuvomereza kwambiri". Mayankhowo amapatsidwa malikisi kuyambira 1 mpaka 5, kenako malikisi a ziganizo zonse amaphatikizidwa kuti aonetse mmene mtima wanu ulili pa nkhaniyo.

Wongovomera sikuti ndi wabodza. Kutsutsa kumafuna kuti munthu aime kaye n'kufufuza chifukwa, pomwe kuvomera sikulira khama. Funso la nambala 60 likamafika, dzuwa litakwera ndipo ndiwo zikudikira pamoto, "eya" ndiye njira yachidule. Palinso ulemu. Mlendo wabwera pagalimoto, wanyamula tabuleti, mwamuyalira mphasa. Kumutsutsa pamaso kumaoneka ngati mwano. Kafukufuku m'mayiko osiyanasiyana wasonyeza kuti chizolowezichi chimakula mwa amene sadapite patali ndi sukulu, komanso chiganizo chikakhala chosamveka bwino kapena chokhudza nkhani imene munthu sadaiganizirepo.

Mankhwala akale a vutoli ndi kusakaniza ziganizo, theka zoyamikira theka zodzudzula. Sikelo yotchuka ya Morris Rosenberg ya mu 1965, yoyeza mmene munthu amadzionera, idapangidwa motero: ziganizo khumi, zisanu mbali iyi zisanu mbali inayo.

Tiyerekeze kuti tikufuna kudziwa mmene amayi amaonera chipatala cha m'dera lawo, ndipo talemba ziganizo zisanu ndi chimodzi, zonse zoyamikira: anamwino amalandira bwino odwala, mankhwala amapezeka, ndi zina zotero. Mayi woyamba ndi wokhutiradi, ndipo ponseponse akuti "ndikuvomereza". Wapeza 4 kasanu ndi kamodzi, malikisi 24 pa 30. Mayi wachiwiri akungovomera kuti mlendo anyamuke msanga. Nayenso wapeza 24. Papepala amayi awiriwa ndi amodzi, ndipo lipoti lidzati chipatala chikuyenda bwino.

Tsopano tisinthe ziganizo zitatu zikhale zodzudzula, monga "anamwino amakalipira odwala". Mayi wokhutira uja avomereza zoyamikira zitatu, 4 chilichonse, n'kutsutsa zodzudzula zitatu, 2 chilichonse. Tisanaphatikize, malikisi a ziganizo zodzudzula timayenera kuwatembenuza, popeza kutsutsa chodzudzula ndi kuyamikira ndithu. Pa sikelo ya 1 mpaka 5 timachotsa yankholo pa 6: 2 amasanduka 4, 5 amasanduka 1, pomwe 3 sasintha. Mayi wokhutira wabwereranso pa 24. Mayi wongovomera wapereka 4 ponseponse. Zodzudzula zitatu zikatembenuzidwa zikhala 2 chilichonse, choncho 12 kuphatikiza 6, wapeza 18, pakati penipeni pa 6 ndi 30. "Eya" wake wadzifafaniza yekha.

Phindu lina, limene ambiri amaliiwala, n'lakuti tsopano titha kumuzindikira. Tikatenga avereji ya mayankho tisanawatembenuze, mayi wokhutira ali pa 3, wongovomera ali pa 4. Aliyense amene avereji yake yoteroyo yakwera kwambiri kupitirira 3 wavomereza zinthu zotsutsana. Ndipo otere akachuluka mwa anthu amene adafunsidwa ndi wofunsa mmodzi, woyang'anira kafukufuku ayenera kupita kukamvetsera mmene mnzakeyo akuwerengera mafunso.

Koma 18 uja tisamuwerenge ngati maganizo a mayiyo. Sitinadziwe ngati chipatala amachikonda kapena amadana nacho. Tangomuletsa kukweza malikisi a gulu lonse, basi.

Mankhwalawa alinso ndi zowawa zake, ndipo apa mpamene ofufuza ambiri amapunthwa. Njira yaulesi yopangira chiganizo chodzudzula ndi kungokanitsa choyamikira. M'Chichewa, "amalemekeza odwala" ndi "samalemekeza odwala" zimasiyana ndi kalemba kamodzi kokha, ndipo kalembako kamatayika mosavuta wofunsa akamawerenga mothamanga mwana akulira pambali. Ngakhale katamveka, yankho limasokoneza. Mayi akamva kuti "anamwino samalemekeza odwala" n'kunena kuti "ayi", akutanthauza kuti ayi, samalemekezadi, kapena kuti ayi, zimenezo si zoona? Wofunsa wotopa amangosankha yekha. Kuti munthu anene kuti anamwino ndi aulemu akuyenera kutsutsa chokana, kukana kawiri m'mutu, ndipo ambiri amaphonya. N'chifukwa chake "amakalipira odwala" ndi chiganizo chabwino kuposa "samalemekeza odwala": chikunena chinthu chimene munthu adachiona kapena sadachione. Chofunika kusamala n'chakuti chisanyanye. "Anamwino onse ndi ankhanza" angachitsutse ngakhale munthu wodandaula kwambiri.

Zizindikiro za kusokonezekaku zimaoneka powerengetsera. Ziganizo zodzudzula zimayamba kugwirizana zokhazokha, zoyamikiranso zokhazokha, ngati kuti sikelo ikuyeza zinthu ziwiri pomwe idapangidwira chimodzi. Sikelo ya Rosenberg yomweyo imachita zimenezi kawirikawiri. David Schmitt ndi Jüri Allik ataiyesa m'mayiko 53, adalemba mu 2005 kuti ziganizo zake zodzudzula zimamveka mosiyana m'mayiko osiyanasiyana. Palinso cholakwa cha mu ofesi: wina kuiwala kutembenuza malikisi, kapena kuwatembenuza kawiri. Chiganizo chikamatsika pamene zinzake zonse zikukwera, yambani mwaona zimenezo musanadzudzule oyankha.

Ofufuza ena adaona kuti ndi bwino kuchotseratu mpata wovomera. M'malo mwa chiganizo, amafunsa funso lenileni: "Kodi anamwino amakulandirani bwanji: bwino kwambiri, bwino, pakatikati, moipa, kapena moipa kwambiri?" Apa palibe choti munthu anenere "eya". Bungwe la Afrobarometer, limene limafufuza maganizo a anthu m'mayiko ambiri a mu Africa kuphatikizapo Malawi ndi Zambia, pa mafunso ake ena limawerenga ziganizo ziwiri zotsutsana n'kupempha munthu asankhe chimene chili pafupi ndi maganizo ake. Njira zimenezi zimatenga nthawi yochulukirapo polemba ndi powerenga, koma pamene mafunso akuwerengedwa pakamwa kwa anthu a maphunziro osiyanasiyana, ine ndimaziona kuti n'zodalirika kuposa kusakaniza.

Ngati sikelo yovomereza ndi kutsutsa siingapeweke, sakanizani mofanana mbali zonse, pewani "si" ndi "sa" wokana, ndipo yesani kaye ziganizozo pa anthu ochepa powapempha kuti afotokoze m'mawu awoawo zimene amva. Inunso owerenga, lipoti likakuuzani kuti anthu ambiri "adavomereza" chakutichakuti, funsani kuti chiganizocho chidalembedwa bwanji, komanso ngati chotsutsana nacho chidafunsidwa.