Uthenga ukati akaunti yanu itsekedwa lero

Azakhali anga amagulitsa kaunjika mumsika wa ku Limbe. Lachisanu lina madzulo adandiimbira foni mawu akunjenjemera. "Mwanangu, tandionere izi. Akuti akaunti yanga ya kubanki itsekedwa, ndiye ndalama za belo la mawa zili mommo." Ndidawapempha kuti asadine chilichonse, angonditumizira chithunzi cha uthengawo. Unkanena kuti akaunti yawo ili ndi vuto, ndipo akapanda kutsimikiza zambiri zawo pasanathe maola 24 idzatsekedwa. M'munsi mwake munali linki iyi:

```
https://bankiyanu.mw.tsimikiza-lero.xyz/login
```

Dzina la banki ndalisintha, koma kamangidwe ka linkiyo ndi komweko. Akatswiri amatcha chinyengo chotere fishing'i, mawu ochokera ku kuwedza nsomba. Uthenga ndiye nyambo, ndipo chimene wowedzayo akufuna ndi nambala yanu yachinsinsi.

Anthu ambiri amayamba ndi kuyang'ana ngati uthengawo walembedwa bwino. Kale zimenezi zinkathandiza, chifukwa akuba ankalemba Chingerezi chothyokathyoka, koma masiku ano ambiri amangokopera mawu enieni a banki. Ngakhale dzina la wotumiza si umboni wokwanira. Uthenga wochokera pa nambala wamba yoyamba ndi 088 kapena 099, koma ukudzitcha wa banki, ndi wabodza ndithu, ndipo pamenepo nkhani yatha. Vuto ndi lakuti dzina looneka pamwamba pa meseji limatha kunamiziridwa, ndipo foni ikaona dzina lofanana imaika uthenga wabodzawo pamodzi ndi mauthenga enieni a banki. Choncho nambala yachilendo imatsutsa uthenga, koma dzina lodziwika siliutsimikiza.

Chimene wakuba sangathe kubisa bwinobwino ndi kumene linkiyo ikupita, ndipo apa ndi pamene ndidakhalitsa ndi azakhali. Maso athu amawerenga kuyambira kumanzere, ndiye akangoona `bankiyanu.mw` mtima umakhala pansi. Koma mwini wa tsamba amadziwika ndi mawu a kumapeto kwa adiresi. Dumphani `https://`, mupite mpaka pa kamzere koyamba kopendekeka, `/`, ndipo muwerenge chobwerera m'mbuyo. Pa linki ya azakhali, mawu oyandikana ndi kamzereko ndi `tsimikiza-lero.xyz`. Limeneli ndiye dzina lenileni la tsambalo, ndipo munthu aliyense angathe kugula dzina lotere ndi ndalama zochepa. Zonse za kumanzere kwake mwini tsambayo amalemba mmene wafunira, monga mmene munthu angalembere dzina la banki pa chitseko cha nyumba yake, nyumbayo n'kukhalabe yake. Ma adiresi ena a kuno kwathu amathera ndi zigawo ziwiri, monga `.co.mw`, ndipo pamenepo dzina la mwini ndi limene lili kumanzere kwenikweni kwa zigawozo.

Pali machenjera enanso pa linki. Ena amasintha chilembo chimodzi chokha, kuika 1 pamalo pa l kapena 0 pamalo pa o, podziwa kuti pa foni zilembo zimaoneka zazing'ono. Ena amagwiritsa ntchito linki yofupikitsidwa, monga yoyamba ndi `bit.ly`, imene siionetsa n'komwe kumene ikupita. Ndipo kaloko kaja kooneka pambali pa adiresi kasakupusitseni. Kamangotanthauza kuti zimene mukulemba zikuyenda mobisika pakati pa foni yanu ndi tsambalo. Sikanena kuti mwini tsambalo ndi wokhulupirika, ndipo masamba a akuba ambiri ali nako.

Azakhali adafunsa funso loyenera: "Nanga ndikadadina, bwenzi ndalama zitapita?" Kawirikawiri kudina kokha sikuchotsa ndalama, pokhapokha ngati tsambalo lakuuzani kuti muike pulogalamu ina m'foni ndipo mwavomera. Ndalama zimapita pa zimene zimatsatira. Tsamba limatseguka lili ndi chizindikiro ndi mitundu ya banki, n'kukufunsani dzina lolowera ndi nambala yachinsinsi. Mukamalemba, wakubayo akulemba zomwezo pa tsamba lenileni la banki nthawi yomweyo. Banki, poona kuti wina akulowa, imatumiza ku foni yanu nambala yogwira ntchito kamodzi ija, imene pa uthenga imalembedwa kuti OTP. Apa ndi pamene ambiri amagwera, chifukwa uthenga umenewu ndi weniweni ndipo wachokeradi kubanki. Munthu amaganiza kuti zonse zili m'malo, n'kuilemba nambalayo pa tsamba labodza, kapena kuiwerengera munthu amene waimba foni akudzitcha wa kubanki. Nambala imeneyo ndiyo kiyi womaliza amene wakubayo analibe. OTP ikabwera inu musanayambe nokha kulowa kapena kulipira kanthu, dziwani kuti wina ali pakhomo pa akaunti yanu.

Uthenga wa mphoto ndi nyambo yomweyo, kungoti m'malo mwa mantha amakolezera chimwemwe. Mwawina K500,000, mwawina njinga yamoto, imbani nambala iyi msanga. Dzifunseni ngati mudalowa nawo mpikisanowo. Mukaimba, amakuuzani kuti mutumize kaye K15,000 ya msonkho kapena yoyendetsera katundu, kapena amakutsogolerani kudina manambala pa Airtel Money kapena Mpamba, akuti kuti mulandire, chonsecho mukutumiza. Ndimalimbikira pa mfundo imodzi yosavuta: polandira ndalama pa foni simulemba pini. Pini imafunika ndalama zikamatuluka, kapena mukamaona nokha zimene zatsala.

Changu chimene amakuikirani, maola 24 kapena mphindi 30, n'chofuna kuti musapeze mpata wofunsa munthu wina. Akuluakulu adati fulumira adadya gaga. N'zoona kuti mabanki amapempha makasitomala kukonzanso zambiri zawo, ndipo akaunti imatha kuimitsidwa ngati chiphaso chatha ntchito, n'chifukwa chake bodzali limamveka ngati zoona. Koma banki kapena kampani ya foni siifunsa pini kapena OTP yanu pa meseji, pa WhatsApp kapena pa foni.

Ndiye njira yodalirika ndi kufufuza nkhaniyo podzera khomo limene uthengawo sudakupatseni. Musaimbe nambala yolembedwa mu uthengamo, chifukwa woyankha ndi wakuba yemweyo. Azakhali ndidawauza kuti atembenuze khadi lawo la kubanki, aimbe nambala yosindikizidwa kumbuyo kwake. Akadathanso kutsegula pulogalamu ya banki imene ili kale m'foni mwawo, kapena kudikira kukacha n'kupita ku nthambi. Wa Airtel Money angadine yekha `*211#`, wa Mpamba `*444#`, n'kuona ngati akaunti ikuyenda ndiponso ngati ndalama zimene akuti zalowa zalowadi.

Amene walemba kale nambala zake pa tsamba lotere asataye nthawi ndi manyazi. Asinthe pini nthawi yomweyo, aimbire banki kapena kampani ya foni kuti iimitse akaunti ndi khadi, ndipo ngati nambala yachinsinsi yomweyo amaigwiritsa ntchito kwina, akasinthenso kumeneko. Uthengawo asaufufute, chifukwa nambala ya wotumiza, linki ndi nthawi zidzafunika kupolisi. Chinyengo chotere ndi mlandu, ndipo kuyambira 2016 dziko lino lili ndi lamulo loona za malonda ndi chitetezo cha pa intaneti. Ndalama zikangotapidwa kwa ejenti zimavuta kubweza, choncho mphindi zoyambirira ndi zimene zimapulumutsa.

Patapita mphindi 10 azakhali adaimbanso. Wa kubanki anali atawauza kuti akaunti ilibe vuto lililonse, ndipo adawapempha kuti awawerengere linkiyo kuti achenjeze ena. "Ndawauza ndekha kuti dzina lenileni ndi la kumapetolo," adatero. M'mawa mwake adakatenga belo lawo.