Kuchita malonda a pa tchati uli pa ntchito yolembedwa

Msika wa ndalama zakunja umatentha pa nthawi imene munthu wolembedwa ntchito ali pa desiki ya abwana. Mabanki a ku London amayamba malonda cha m'ma 9 koloko m'mawa pa nthawi ya kuno ku Malawi ndi ku Zambia, kapena 10 koloko m'miyezi imene kumeneko kukuzizira. A ku New York amalowa cha m'ma 2 kapena 3 koloko masana, ndipo maola ochepa amene mizinda iwiriyi ikugwira ntchito pamodzi ndi amene mitengo imayenda kwambiri. Pofika 7 koloko madzulo, munthu atatsika minibasi, atasamba ndi kudya, London anatseka kale ndipo New York wayamba kuzizira.

Ambiri amaona ngati apa aphonya mwayi, choncho amayesa kubwezera. Ena amasuzumira foni pansi pa tebulo msonkhano uli m'kati. Ena amakhala mpaka pakati pa usiku pa tchati cha mphindi 5, kusaka phindu pa msika umene wagona kale. Njira zonse ziwirizi zimadya ndalama, ndipo yoyambayo ikhoza kudyanso ntchito. Ine ndimaona kuti munthu wa madzulo ali ndi njira imodzi yokha yomveka: aziweruza pa tchati cha tsiku, apange chisankho kamodzi, asiye malamulo ake onse m'makina a buloka, kenako atseke foni mpaka mawa.

Tisanapite patali, pali nambala imene aliyense ayenera kuidziwa. Mu 2018 bungwe loyang'anira misika ku Ulaya, la ESMA, linanena kuti pakati pa 74 ndi 89 mwa maakaunti 100 aliwonse a anthu wamba ochita malonda amtunduwu amaluza ndalama. N'chifukwa chake mabuloka a kumeneko amakakamizidwa kulemba chenjezo lotere poyera. Dongosolo limene ndikufotokoza pano silikulonjeza phindu. Ntchito yake ndi kuchepetsa zimene mungataye pamene mukufufuza ngati njira yanu ili ndi mphamvu kapena ayi. Ndalama zolowa m'menemo zisakhale za lendi, za fizi, za banki m'khonde kapena za katapila. Komanso kutumiza ndalama kunja kuli ndi malamulo a Reserve Bank of Malawi, ndiye funsani ku banki yanu musanatumize kalikonse.

Tchati cha tsiku, chimene pa MetaTrader chimalembedwa D1, chimasonyeza kandulo imodzi pa tsiku lonse. Kandulo imeneyi imatseka 5 koloko madzulo ku New York, kutanthauza 11 koloko usiku kuno kuyambira Malichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala, ndi 12 koloko usiku m'miyezi yotsalayo. Apa ndi pamene pali msampha umene anthu ambiri sauona. Mukatsegula tchati 7 koloko, kandulo ya lero imakhala isanathe. Ikhoza kuoneka yamphamvu, yokwera bwino, koma m'maola anayi otsalawo n'kubwerera pansi, mawa mudzaipeze ili ndi nkhope ina. Choncho lamulo loyamba ndi ili: chisankho chizichokera pa makandulo otseka kale, ya dzulo ndi am'mbuyo mwake. Ya lero ingokuuzani ngati mtengo wafika pamalo amene mumayembekezera. Muonenso kuti wotchi ya pa tchati ndi ya buloka, osati yanu. Mabuloka ambiri amaitchera kuti tsiku lizisintha pamene New York akutseka, ndiye nthawi zina imafanana ndi ya kuno, nthawi zina imatsogola ndi ola limodzi.

Tiyeni titenge chitsanzo, mitengo yake ndi yongoyerekeza. Mayi wina wogwira ntchito ya maakaunti ali ndi madola 1,000 kwa buloka, ndipo amatsata EURUSD yokha. Lachiwiri madzulo watsegula D1. Kwa milungu ingapo mtengo wakhala ukukwera, nsonga iliyonse kuposa inzake, ndipo ukatsika sukufika pamene unatsikira ulendo wapitawo. Panopa uli pa 1.0900. Akuona kuti pa 1.0850 mtengo unkakanika kudutsa mwezi watha, kenako unadutsa. Malo otere nthawi zambiri mtengo umabwerera kudzawagunda usanapitirire. Sagula pompo. Amaika Buy Limit pa 1.0850, lomwe ndi lamulo louza buloka kuti amugulire pokhapokha mtengo ukatsika kufika pamenepo, kaya iye ali mu msonkhano kaya ali m'tulo.

Kenako amafunsa funso lofunika kuposa onse: kodi mtengo ukafika pati ndidzavomereza kuti ndinaganiza molakwa? Pamene mtengo unatsikira komaliza ndi pa 1.0800. Ukadutsa pamenepo kupita pansi, ndiye kuti kukwera kuja kwatha. Amayang'ananso ATR ya masiku 14, kachida kosonyeza mtunda umene mtengo umayenda pa tsiku wamba, ndipo ikuonetsa mapipi 70. Pipi ndi kanambala kachinayi pambuyo pa kadontho. Stop Loss yoyandikira kuposa mapipi 70 ikhoza kugundidwa ndi kugwedezeka wamba kwa masana, ganizo lake lili lolondola ndithu. Ndiye amaiika pa 1.0770, mapipi 80 kuchokera polowera, pansi pang'ono pa 1.0800 paja. Take Profit amaiika pa 1.1010, mapipi 160, pansi pa malo amene mtengo unabwererapo miyezi yapitayo. Akanapeza kuti chotchinga chili pafupi moti phindu silingafike kawiri ka chimene akuika pa chiswe, akanangosiya osalowa.

Kukula kwa malonda kumabwera komaliza, ndipo kumachokera pa Stop Loss, osati pa mtima. Iye anadziikira kuti saluza kuposa 1 peresenti ya akaunti pa malonda amodzi, ndiye madola 10. Pa EURUSD, loti ya 0.01 imapindula kapena kuluza masenti 10 pa pipi iliyonse. Mapipi 80 ndi madola 8, ndiye 0.01 ikukwana. Ya 0.02 ingaluze madola 16, yapyola malire. Amalemba 0.01, amaika kuti lamulolo lithe mphamvu Lachisanu ngati silinagwire, amajambula tchati, n'kutseka. Zonsezi sizifika theka la ola.

Masamu omwewa amanena zinthu zowawa kwa munthu wa akaunti yaing'ono, ndipo ndi bwino azimve msanga. Wa madola 200, 1 peresenti yake ndi madola awiri, koma loti yochepetsetsa kwa mabuloka ambiri ndi 0.01 yomwe ija, yoluza madola 8. Pamenepo akuika 4 peresenti pa chiswe. Chimene anthu amachita ndi kukokera Stop Loss pafupi, pa mapipi 20, kuti masamu agwirizane. Ndiye amabwera madzulo aliwonse n'kupeza kuti anatulutsidwa masana, mtengo n'kupita kumene iwo ankaganiza. Amayamba kunena kuti buloka akuwasaka, pamene vuto ndi lakuti anaika Stop Loss m'kati mwa njira imene mtengo umadutsa tsiku lililonse. Munthu wotere achite bwino kukhalabe pa akaunti yoyeserera, kapena apeze akaunti ya masenti yolola malonda ang'onoang'ono, uku akusunga ndalama.

Wina anganene kuti madola 16 a phindu pa mlungu wathunthu ndi masewera. Zoona, sangalipire nawo lendi, ndipo sakuyenera kutero, pakuti lendi ikulipiridwa ndi malipiro. Pamenepa ndi pamene wolembedwa ntchito amaposa amene amadalira tchati kuti adye: iye angathe kukhala milungu iwiri osalowa malonda aliwonse, kunyumba moto osazima. Taonaninso kusiyana kwake zinthu zikavuta. Kuluza kakhumi motsatizana pa 1 peresenti kumachotsa pang'ono kuchepera 10 peresenti ya akaunti. Kuluza kakhumi pa 10 peresenti kumachotsa pafupifupi 65 peresenti. Ndipo amene wataya theka la ndalama zake amafunika kuchulukitsa kawiri zotsalazo kuti angobwerera pamene anayambira. Kuluza motsatizana kudzabwera ndithu. Pamene phindu ndi kawiri ka chotayika, kupambana kamodzi pa katatu kumangobweza ndalama, ndiye njira yopambana kanayi pa khumi ndi yabwino, koma mwini wake amaluza kawirikawiri kuposa mmene amapambanira.

Lachitatu madzulo mayi uja wapeza kuti Buy Limit inagwira masana ndipo mtengo uli pa 1.0830, akuluza madola awiri. Palibe chochita. Sasuntha Stop Loss kupita kutali, saonjezera malonda ena kuti abweze. Chimene amayang'ana ndi kalendala ya nkhani za chuma. Lipoti la ntchito la ku America limatuluka kawirikawiri Lachisanu loyamba la mwezi, 2:30 kapena 3:30 masana kuno, iye ali ku ofesi. Banki yaikulu ya ku America imalengeza za chiwongoladzanja kasanu ndi katatu pa chaka, 8 kapena 9 koloko usiku kuno, nthawi yeniyeni imene iye amakhala pa tchati. Usiku wotero mitengo imadumpha uku ndi uku m'mphindi zochepa, ndipo dongosolo lake limati asaike lamulo latsopano mpaka kandulo ya tsikulo itatseka.

Stop Loss nayo ili ndi malire ake. Imatseka malonda pa mtengo woyamba umene wapezeka, osati umene munalemba. Msika umatseka Lachisanu usiku n'kutsegula Lamlungu usiku, ndipo kukachitika chachikulu pakatipo mtengo ukhoza kuyambira kutali, n'kulumpha Stop Loss yanu. Pa 15 Januwale 2015 banki yaikulu ya ku Switzerland inasiya mwadzidzidzi kugwira ndalama yake pa 1.20 pa yuro. Mtengo unagwa m'mphindi zochepa, anthu ena anatsala ndi ngongole kwa mabuloka, ndipo buloka wa Alpari UK anagwa. Chimene chimateteza munthu pa tsiku lotere ndi kuchepa kwa loti yake basi. Pali timitengo tinanso ta munthu wogoneka malonda usiku. Pa ola limene New York akutseka, kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira kumakula, choncho si nthawi yolowera. Buloka amadulanso kapena kupereka Swap usiku uliwonse, ndipo Lachitatu ambiri amawerengera masiku atatu. Wofuna kuonjezera GBPUSD akumbukire kuti nthawi zambiri imayendera limodzi ndi EURUSD, ndiye kugula zonse ziwiri kuli pafupi ndi kuika 2 peresenti pa ganizo limodzi lakuti dola ifooka.

Loweruka m'mawa, msika uli wotseka, ndi nthawi ya kope. Pa malonda aliwonse alembe polowera, Stop Loss, Take Profit, chifukwa cholowera, zotsatira, ndiponso ngati anatsata dongosolo kapena anaswa. Malonda asanu sauza munthu kanthu. Akafika 30 kapena 40, zimene pa D1 zingatenge chaka, awerenge padera amene anatsata malamulo. Ngati amenewa akuluza, njirayo ndiyo yofunika kusintha, ndipo abwerere ku akaunti yoyeserera. Ngati amenewa akupindula koma akaunti ikutsikabe, ayang'ane maola amene malonda oluzawo anatsegulidwa. Akapeza kuti ambiri ndi a 11 koloko m'mawa kapena 3 koloko masana, achotse pulogalamuyo pa foni imene amapita nayo ku ntchito, aisiye pa kompyuta ya kunyumba yokha.