Dzina Limodzi pa Ndalama ya pa Geti la Shimabala

Ntchito ya mkonzi wa nkhani amaiona ngati yokonza masipelo ndi zizindikiro za m'kalembedwe, koma gawo lake lolemera kwambiri ndi kulondoloza mawu otsogola, ndiko kuti mawu ochepa aja amene nkhani yonse yatsamirapo, kuti chinthu chimodzi chikhale ndi dzina limodzi kuyambira mutu mpaka ndime yomaliza. Kusukulu ana amaphunzitsidwa kuti kubwereza liwu ndi umphawi wa chilankhulo, ndipo m'ndakatulo kapena m'nthano langizolo lili ndi malo ake. M'nkhani yofotokoza za ndalama, za malamulo kapena za mankhwala, langizo lomwelo limasokeretsa, chifukwa wowerenga akakumana ndi liwu latsopano amaganiza kuti wakumananso ndi chinthu chatsopano.

Geti la Shimabala, pamsewu waukulu wochoka ku Lusaka kupita ku Kafue, likusonyeza bwino vutoli. Getili linayamba kugwira ntchito mu 2017, pansi pa lamulo la mu 2011 lolola boma kulipiritsa ogwiritsa ntchito misewu, ndipo ndalama zake amatolera ndi a NRFA, bungwe losunga thumba la ndalama za misewu. Woyendetsa galimoto amalipira nthawi iliyonse imene wadutsa, monga mwa kukula kwa galimoto yake. Koma mwini galimoto yemweyo ali ndi ndalama zina zitatu zokhudza msewu: msonkho wa galimoto umene amalipira ku RTSA pa miyezi itatu kapena pa chaka, gawo la msonkho limene lili kale mumtengo wa mafuta, ndi chindapusa, chimene ambiri ku Zambia amati faindi, chomwe amalipira pokhapokha akaphwanya lamulo. Ndalama zinayizi n'zosiyana pa wozitolera, pa nthawi yolipira ndi pa chifukwa chake, pamene mawu a Chinyanja amene mlembi angazitchulire ndi ochepa ndipo amalowana.

Mwachitsanzo, mlembi angayambe nkhani yake ndi chiganizo chakuti oyendetsa minibasi za pakati pa Kafue ndi Lusaka akudandaula ndi malipiro a pa Shimabala. M'ndime yachiwiri, poopa kubwereza, alemba kuti msonkho wa pamsewu ukuwadyera phindu. M'ndime yachinayi akuti amalipitsidwa kawiri pa ulendo wopita ndi kubwera. Ndipo kumapeto akunena za chiphaso chimene amalandira pawindo. M'mutu mwa mlembiyo zonsezi ndi chinthu chimodzi. Wowerenga wa ku Kafue amene ali ndi galimoto amva zina: "msonkho wa pamsewu" kwa iye ndi uja wa ku RTSA, "kulipitsidwa" kumanunkha mlandu, ndipo "chiphaso" ndi laisensi osati lisiti. Nkhani imene inafuna kunena dandaulo limodzi yasanduka ya madandaulo atatu, ndipo mabungwe awiri amene sanakhudzidwe alowetsedwamo popanda wowatchula.

Mkonzi amayamba ndi kuwerenga nkhani yonse osasintha kanthu, akulemba papepala lapadera liwu lililonse limene likuloza ku ndalama, pamodzi ndi ndime imene lapezekamo. Kenaka pa liwu lililonse amafunsa mafunso atatu omwewo: akulipira ndani, akulandira ndani, ndipo zikuchitika liti. Mawu amene mayankho ake afanana ndi maina a chinthu chimodzi ndipo ayenera kusanduka dzina limodzi. Amene mayankho ake asiyana ndi zinthu ziwiri, ndipo pamenepo mkonzi sangaganizire yekha, ayenera kubwerera kwa mlembi kukafunsa chimene ankatanthauza. Kufunsaku n'kofunika koposa, pakuti kulumikiza zinthu ziwiri zosiyana pansi pa dzina limodzi n'kulakwa kwakukulu kuposa kusiya maina awiri pa chinthu chimodzi.

Posankha dzina lotsalalo, liwu lokoma kumva silipambana chifukwa cha kukoma kwakeko. Lopambana ndi limene silinatengedwe kale ndi chinthu china m'nkhani yomweyo. "Msonkho" ligwa chifukwa lili ndi eni ake awiri kale. "Malipiro a pageti" likhoza kuima, ngakhale kuti "malipiro" palokha limatanthauzanso ndalama ya pamwezi ya wantchito, ndipo n'chifukwa chake liyenera kumasuliridwa pamene layamba kuonekera: malipiro a pageti, ndiye kuti ndalama imene galimoto imapereka nthawi iliyonse ikadutsa pa Shimabala. Kuchokera pamenepo mawu awiriwo sayenera kulekana. Dzina la malowo likufunanso chisamaliro chomwecho. Ku Malawi, komwe kuli malo otere ku Chingeni ndi ku Kalinyeke, liwu lakuti "chipata" silivuta, koma m'nkhani ya ku Zambia chiganizo chakuti galimoto zinaima pa chipata chikhoza kutengera maganizo a wowerenga kumzinda wa Chipata, ndipo "rodibuloko" ndi ya apolisi. Motero "geti", limene anthu amanena tsiku ndi tsiku, ndilo loyenera.

Pali msampha wina umene uli wa chilankhulo chathu chenicheni. Maina a Chinyanja ali m'magulu, ndipo gulu la dzina limalamulira agwirizanitsi, timaphatikizo tija timene timamangirira aneni, alozi ndi afotokozi ku dzinalo. "Msonkho" umayenda ndi "uwu" ndi "unakwera", "malipiro" amayenda ndi "awa" ndi "anakwera", "ndalama" zimayenda ndi "izi" ndi "zinakwera". Mkonzi amene angolamula kompyuta kuti ichotse "msonkho" paliponse n'kuikapo "malipiro" adzapeza ziganizo zopunduka monga "malipiro uwu unakwera", ndipo choipa kwambiri n'chakuti m'ziganizo zimene dzina silinalembedwe, agwirizanitsi akale amatsala osaoneka. Chiganizo chakuti "ambiri akuti sangaukwanitse" chidzapitiriza kuloza ku msonkho umene wachotsedwa kale, ndipo kompyuta singachipeze chifukwa liwu lofunidwalo mulibe. Pa chifukwa chimenechi kusinthaku kumachitika pamanja, chiganizo ndi chiganizo, ndipo pofufuza pakompyuta amagwiritsa ntchito tsinde la liwu, monga "lipir", "lipits" ndi "sonkh", kuti aneni nawonso agwidwe. Ngati nkhani yadutsa m'manja mwa olemba a mbali zonse za malire, afufuzenso "cindapusa" ndi "chindapusa" padera, popeza kalembedwe ka ku Zambia kamalemba "c" pamene ka ku Malawi kamalemba "ch".

Agwirizanitsi omwewo ndiwo amachotsa mantha a kubwereza. Dzina likakhazikika m'ndime, mlembi angalitchule kamodzi n'kulola "-wa" ndi "a-" kulinyamula, monga "malipirowa" kapena "amatoleredwa pawindo". Apa pokha pafunika kusamala, chifukwa agwirizanitsi a "malipiro" amafanana ndi a anthu ambiri: m'ndime yonena za madalaivala, "anakwera" angakhale malipiro, angakhalenso madalaivala amene akwera galimoto, ndipo pamenepo dzina lonse liyenera kubwerera.

Malire a ntchitoyi ali pa mawu ogwidwa. Ngati kondakitala wa minibasi wanena kuti "msonkho wa pa Shimabala", mkonzi alibe ufulu womusinthira mawu m'kamwa, ngakhale kuti nkhani yonse yasankha dzina lina. Chimene angachite ndi kuika chiganizo cha mlembi patsogolo pa mawuwo, chonena kuti kondakitalayo amakamba za malipiro a pageti, kuti wowerenga alowe m'mawu ogwidwawo akudziwa kale ndalama imene ikunenedwa.