Tichapa zovala: chikwangwani chinene chiyani?

Ku Ndirande zikwangwani za makatoni zachuluka pa mipanda, koma zambiri zimangoti “Tichapa zovala” basi. Wodutsa amatsala ndi mafunso. Mtengo ndi wa chovala chimodzi kapena beseni lonse? Bulangete, lomwe limamwa madzi ndi sopo wambiri, likhale ndi mtengo wakewake. Nanga sopoyo abwera ndi ndani? Mkangano umayambira pamenepa, zovala zitauma kale.

Lembaninso tsiku lodzatenga. Nthawi ya dzinja jinzi imatha masiku awiri isanaume, ndiye kulonjeza za lero lomwe n'kudziputira mlandu. Ngati mumasita ndi simbi ya makala nenani, poti ena amaopa phulusa pa malaya oyera. Katoni ikanyowa imafutukuka. Bolani thabwa ndi penti.